Manotsi ali mbwee: kuwasanja kuyambira pa maziko mpaka pamwamba

Funso: Aphunzitsi, ndili chaka choyamba ku koleji ndipo kemisitiri yandizunguza mutu. Manotsi anga ali mbwee: ena ali m'makope awiri, ena pa masilaidi, ena ndi zithunzi za pabolodi zimene ndinajambula ndi foni. Ndikamawerenga motsatira masiku amene tinaphunzira, ndimakumana ndi mawu amene tanthauzo lake lili kutsogolo. Ndiwasanje bwanji kuti ndiyambire pa mfundo za maziko n'kumakwera mpaka zapamwamba? Mayeso atsala milungu isanu.

Yankho: Ndiyambe ndi kukuletsani chimene ambiri amathamangira, chomwe ndi kutenga kope latsopano n'kuyamba kukoperamo zonse mwaukhondo. Ntchito imeneyo imatha masiku ambiri, dzanja limatopa, mtima umakhala pansi poganiza kuti mwawerenga, koma chisokonezo chija mwangochisamutsa ndi inki yatsopano. Makope anu, masilaidi ndi zithunzi zija zisiyeni mmene zilili. Chimene musanje ndi mfundo zimene zili m'katimo, ndipo mfundozo n'zochepa kuposa mmene masambawo akuonetsera.

Dziwaninso kuti dongosolo limene mphunzitsi anatsata si dongosolo la kudalirana kwa mfundo. Mphunzitsi amayang'ana zambiri: tsiku limene labu ipezeke, phunziro limene mnzake akuphunzitsa semesita yomweyo, ndiponso kufuna kukukopani mtima. Ine ndemwe ndimakonda kuyamba mlungu woyamba ndi nkhani ya magazi, kuti pH yake imakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45 ndipo ikangochoka pamenepo munthu amadwala. Ophunzira amatchera khutu, koma mawu oti pH ndi bafa amalowa m'kope mwawo milungu ingapo ndisanafotokoze molo, ndipo ikwilibiriyamu imadzabwera chakumapeto. Ngati nanunso manotsi anu ali choncho, palibe amene analakwa. Kungoti deti la pamwamba pa tsamba silingakuuzeni chimene chiyenera kuyamba.

Nanga chimene chingakuuzeni n'chiyani? Ndi funso limodzi limene muzifunsa mfundo iliyonse: kuti ndifotokoze ichi, ndiyenera kukhala nditadziwa kale chiyani? Funsoli si langa. Katswiri wa zamaphunziro Robert Gagné, m'zaka za m'ma 1960, ankayambira pa luso lomaliza limene wophunzira ayenera kukhala nalo, n'kumafunsa chimene munthuyo ayenera kutha kuchita asanafike pamenepo, kenaka n'kufunsanso chimodzimodzi pa yankho lililonse mpaka atafika pa zimene wophunzira akuzidziwa kale. Choncho makwerero amenewa amamangidwa kuchokera pamwamba kutsika, ngakhale pokwera mudzayambira pansi.

Apa pali msampha umene muyenera kuudziwa musanagwire cholembera. Mfundo ya maziko si mfundo yophweka, ndipo yapamwamba si yovuta. Molo ndi mfundo ya pansi ndithu, koma imavutitsa anthu ochuluka, chifukwa kuganiza za tinthu 6.022 × 10²³ ngati mulu umodzi wowerengera sikubwera msanga m'mutu. Pomwe fomula yopezera pH ya bafa ili pamwamba penipeni, koma mwana aliyense wokhala ndi kakyuleta atha kuikamo manambala n'kupeza yankho. Mukasanja potengera mmene mfundo ikukuvutirani, molo mudzaiika pamwamba, fomula ija pansi, ndipo nyumba yanu idzakhala yozondoka. Kukhala pansi kumatanthauza chinthu chimodzi chokha: mfundo zina zatsamira pa iyo, iyo sinatsamire pa izo.

Tsopano ntchito yeniyeni. Tsiku loyamba lembani manambala pa masamba onse. Kope loyamba likhale K1, lachiwiri K2, masilaidi S, zithunzi Z, ndipo tsamba 14 la kope lachiwiri lidzatchedwa K2/14. Zithunzi za pafoni ziikeni mufoda imodzi kuti zisasakanikirane ndi zina. Zimenezi zisakutengereni nthawi yoposa ola limodzi.

Kenaka dulani timapepala tofanana ndi chikhatho, tizititcha makhadi, ndipo mudutse m'manotsi onse mwachangu, osati mowerengera mayeso koma mosaka mayina a mfundo. Khadi limodzi, mfundo imodzi. Pamwamba lembani dzina la mfundoyo, pansi pake chiganizo chimodzi chofotokoza tanthauzo lake m'mawu anuanu, ndipo m'munsi mulembe malo onse amene mfundoyo ikupezeka, monga K1/3, S/22, Z/7. Mukapeza kuti pH yatchulidwa m'malo asanu, makhadi sakhala asanu, khadi ndi limodzi lokhala ndi maadiresi asanu. Kumwazikana kuja kumathera pomwepa, osakopera ngakhale tsamba limodzi.

Sikuti chilichonse cholembedwa chiyenera khadi. Chitsanzo chowerengetsera, nkhani ya magazi ija, mbiri yoti pH anaiyambitsa ndi Søren Sørensen mu 1909, zonsezi ndi katundu wa khadi lina, ndipo zimangolembedwa kuseri kwake ngati adiresi. Muyeso wake ndi uwu: ngati mphunzitsi angafunse kuti "fotokozani" kapena "gwiritsani ntchito" chinthucho pachokha, chipatseni khadi. Samalaninso ndi mitu ikuluikulu ngati "maasidi ndi mabesi". Umenewo ndi mutu wa chaputala, m'kati mwake muli mfundo zambiri za misinkhu yosiyana, ndipo mukauika pa khadi limodzi udzakana kukhala pamzere uliwonse. M'zimene ndaona ine, chaputala chimodzi chimatulutsa makhadi khumi mpaka makumi awiri. Akapitirira kwambiri pamenepo ndiye kuti mukupatsa makhadi zitsanzo. Akakhala atatu okha ndiye kuti mwalemba mitu.

Tiyeni tigwire chigawo chimodzi cha kemisitiri yanuyo kuti muone mmene zimayendera. Titenge mfundo ya pamwamba imene imabwera pa mayeso kawirikawiri, fomula ya Henderson ndi Hasselbalch:

```
pH = pKa + log([A⁻]/[HA])
```

Ikani khadi lake patebulo n'kulifunsa funso lija. Kuti mufotokoze fomulayi muyenera kudziwa pH, muyenera kudziwa pKa, ndiponso muyenera kudziwa bafa (osati yosambiramo ija, koma madzi osakaniza amene salola pH kusintha kwambiri mukathiramo asidi kapena besi pang'ono). Mayina atatu amenewa alembeni pakona ya khadilo pansi pa mawu oti "limafuna". Njira yachidule yowapezera ndi kuwerenga chiganizo chanu cha tanthauzo n'kudula mzere kunsi kwa liwu lililonse la kemisitiri limene mwagwiritsa ntchito. Liwu lodulidwa mzere ndi khadi lina limene liyenera kukhala pansi pa ili. N'chifukwa chake ndinati tanthauzo mulembe m'mawu anuanu: tanthauzo lokopera m'buku limabisa zimene inuyo simukuzidziwa.

Tsikani nalo funsolo. Bafa imafuna asidi wofooka, ndiponso imafuna kudziwa kuti asidi akapereka pulotoni chotsalacho ndi besi mnzake. Nayo pKa imafuna Ka, nambala yosonyeza mmene asidi wofooka amagawikira m'madzi, komanso logarizimu. Asidi wofooka ndi Ka yake, komanso khadi la asidi ndi besi mnzake, amafuna ikwilibiriyamu, chifukwa kufooka kwake kukutanthauza kuti kugawika kumapita uku ndi uku n'kukhazikika pakati. Ikwilibiriyamu imafuna konsentireshoni, konsentireshoni imafuna molo, molo imafuna atomu. Kumbali inayo pH imafuna zitatu: konsentireshoni, asidi ndi logarizimu. Asidi amafuna ayoni ndi molekyu, ndipo ziwirizi zimafuna atomu. Mukafika pa atomu mwafika pa zimene munabwera nazo kuchokera ku sekondale, ndipo mutha kuima.

Mwaona chimene chatulukira? Logarizimu yatchulidwa kawiri, koma ndikukayika ngati ili ndi tsamba lake m'manotsi anu a kemisitiri. Mphunzitsi anangoganiza kuti munaiphunzira ku masamu. Khadi lotere, lofunidwa ndi ena koma lopanda adiresi m'manotsi, ndilo chinthu cha mtengo wapatali kuposa zonse zimene ntchitoyi ingakupatseni. Lilembeni ndi inki yofiira. Chaka china ndinali ndi wophunzira wakhama amene ankalakwitsa mafunso a pH mobwerezabwereza, ndipo ine ndinataya masana awiri ndikumufotokozeranso za maasidi. Tsiku lachitatu ndinamufunsa kuti logarizimu ya 0.01 ndi chiyani. Anangoti kukamwa yasa. Za maasidi ankazidziwa bwinobwino, chimene chinkamugwetsa ndi kusadziwa kuti 0.01 ndi 10⁻², kotero logarizimu yake ndi −2, ndipo pH ya HCl wa 0.01 mol/L ndi 2. Masana awiri aja ndinalakwitsa ndine, chifukwa ndinkakonza denga pomwe mng'alu unali pa maziko.

Makhadi akakhala ndi mndandanda wa zimene amafuna, kuwaika m'mizere sikufunanso nzeru zambiri. Yalani onse patebulo lalikulu kapena pansi. Tolani amene safuna khadi lina lililonse, muwaike mumzere woyamba, kufupi ndi inu. M'chitsanzo chathu ndi awiri, atomu ndi logarizimu. Pa otsalawo sakani amene zofuna zawo zonse zili kale mumzere woyamba: ayoni, molekyu ndi molo. Umenewo ndi mzere wachiwiri. Bwerezani, ndipo konsentireshoni ndi asidi zigwera mumzere wachitatu, pH ndi ikwilibiriyamu wachinayi, asidi wofooka pamodzi ndi khadi la asidi ndi besi mnzake wachisanu, pKa ndi bafa wachisanu ndi chimodzi, fomula ija yokha wachisanu ndi chiwiri. Makhadi 14, mizere 7.

Lamulo lake ndi loti khadi limakhala mzere umodzi pamwamba pa chofuna chake chokwera kwambiri. Taonani pKa: imafuna logarizimu ya mumzere woyamba ndi Ka ya mumzere wachisanu, ndiye malo ake ndi mzere wachisanu ndi chimodzi, ngakhale kuiwerengetsera kwake ndi kungodina batani limodzi. Makhadi a mzere umodzi sadalirana, choncho zilibe kanthu kuti muyamba ndi pH kapena ikwilibiriyamu. Musavutike kufunafuna dongosolo limodzi lokha lolondola, chifukwa kulibe. Chimene chilipo ndi dongosolo lolakwika, pamene khadi lakhala pansi pa chinthu chimene likufuna.

Mukamajambula zimenezi papepala lalikulu, muvi uzichokera pa chofunidwa kupita pa chofuna, ndipo mujambule mivi ya pafupi yokha. N'zoona kuti bafa imadalira atomu, koma imaidalira kudzera m'makhadi ena a pakati, ndiye muvi wochoka pa atomu kulunjika pa bafa ndi wosafunika. Amene amajambula muvi uliwonse umene ungatheke amathera ndi ukonde wa kangaude, ndipo pepalalo limasokoneza kuposa manotsi aja. Khadi limodzi likalandira mivi yoposa inayi, nthawi zambiri ina mwa miviyo ndi yodumpha mizere popanda chifukwa, kapena khadilo lanyamula mfundo ziwiri.

Pali cholakwika china chimene ndimachiona pafupifupi pa pepala lililonse loyamba, ndipo ndikufuna tichedwepo pang'ono. Mawu oti "ichi chili pansi pa icho" amatanthauza zinthu zitatu zosiyana. Asidi wofooka ndi mtundu wa asidi. Pulotoni ndi gawo la atomu. Koma pH si mtundu wa konsentireshoni ndipo si gawo lake, imangoifuna kuti imveke. Mapu a mfundo amene Joseph Novak anayambitsa ku yunivesite ya Cornell mu 1972 amaika mfundo zotakata pamwamba ndi zazing'ono pansi, ndipo pa mzere uliwonse wolumikiza pamalembedwa mawu osonyeza ubale wake. Mapu amenewo ndi abwino poonetsa mmene phunziro lagawikira, koma amayankha funso lina, loti chachikulu ndi chiti, pomwe inu mukufunsa kuti choyamba ndi chiti. Mukasakaniza ziwirizi papepala limodzi, asidi adzakhala pamwamba chifukwa ndi wotakata, komanso pansi chifukwa ndi wofunika koyamba, ndipo simudzadziwa kolowera. Pa ntchito ino muvi uliwonse uziwerengeka ndi liwu limodzi lokha, loti "limafuna". Ngati mukufuna kusonyeza kuti makhadi ena ndi a banja limodzi, apakeni mtundu umodzi pakona, osati muvi.

Musajambulenso muvi chifukwa choti mfundo ziwiri zinaphunzitsidwa tsiku limodzi kapena zimayendera limodzi m'mafunso. Yesani motere: bisani khadi la pansilo m'thumba, n'kuyesa kufotokoza la pamwambalo mokweza kwa munthu amene sanamvepo za lobisidwalo. Mukatha kufotokoza mpaka pamapeto osalitchula, muviwo ndi wabodza, ufufuteni. Mukakakamira pakati, muviwo ndi weniweni. Apa mnzanu wa m'kalasi amathandiza kwambiri, paja ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Iye azingokudulani pakamwa nthawi iliyonse mukatchula liwu limene simunalifotokoze.

Tsopano vuto limene limaimitsa anthu ambiri. Mukutola makhadi mzere ndi mzere, mwadzidzidzi patsala mulu umene palibe khadi lotoleka, lililonse likudikira linzake. Ndiye kuti penapake mivi yazungulira. Mu kemisitiri yanuyo zimachitika pa asidi ndi besi. Tanthauzo la Brønsted ndi Lowry la mu 1923 limati asidi ndi chopereka pulotoni, besi ndi cholandira pulotoni. Wopereka amafuna wolandira, wolandira amafuna wopereka, ndiye muyamba ndi uti? Njira zotulukira zilipo ziwiri, ndipo pano zonse zikugwira ntchito. Yoyamba ndi kuphatikiza: mfundo ziwiri zimene sizingafotokozeke padera ndi mfundo imodzi ya nkhope ziwiri, ndiye zikhale pa khadi limodzi. Yachiwiri ndi kugawa: mawu oti asidi m'manotsi anu akuimira mfundo ziwiri za misinkhu yosiyana. Pali asidi wa tanthauzo lakale la Arrhenius, chinthu chotulutsa H⁺ m'madzi, amene safuna besi kuti amveke, ndipo pali asidi wopereka pulotoni. N'chifukwa chake m'mizere yathu ija asidi akupezeka kawiri, wachidule mumzere wachitatu, wozama pamodzi ndi besi mnzake mumzere wachisanu.

Kugawa kotereku mudzakumana nako kambiri, chifukwa maphunziro a sayansi amabwerera pa mfundo yomweyo mozama chaka ndi chaka. Jerome Bruner analemba za kaphunzitsidwe kozungulira kotereka mu 1960. Mukaona matanthauzo awiri a liwu limodzi m'makope anu, musafulumire kuganiza kuti tsiku lina munalemba molakwika. Kawirikawiri onse ndi oona, kungoti wina ndi wa mzere wapansi. Alembeni asidi 1 ndi asidi 2.

Kwa amene amakonda kompyuta, ntchito yotola makhadiyi ilipo kale ngati lamulo pa Linux ndi macOS, dzina lake `tsort`. Mumalemba mayina awiriawiri mufayilo, chofunidwa kumanzere, chofuna kumanja:

```
atomu molo
molo konsentireshoni
konsentireshoni pH
logarizimu pH
```

Mukalemba `tsort mivi.txt` imakupatsani mndandanda umene palibe mfundo yobwera chofuna chake chisanabwere, ndipo mivi ikazungulira imakuchenjezani n'kutchula mayina okhudzidwa. Dzina lililonse likhale liwu limodzi lopanda mpata. Komabe ine ndimalimbikitsa makhadi a pamanja poyamba. Kompyuta imangosanja mivi imene mwaipatsa, pomwe kuphunzira kwenikweni kumachitika pamene mukukangana nokha ngati muviwo uyenera kukhalapo.

Makwerero akatha, muwayese ndi funso la mayeso a zaka zam'mbuyo musanawakhulupirire. Tiyerekeze funso likuti: madzi ali ndi asidi wa asetiki 0.01 mol/L ndi asiteti 0.10 mol/L, pKa ndi 4.76, pezani pH. Asiteti ndiye A⁻, asidi ndiye HA, kugawa kukupatsani 10, logarizimu ya 10 ndi 1, yankho ndi 5.76. Tsopano taonani mmene yankho lolakwika limalozera khadi lodwala. Mukapeza 3.76, mwatembenuza manambala, mwaika asidi pamwamba ndi besi pansi. Vuto silili pa fomula koma pa khadi la asidi ndi besi mnzake, mumzere wachisanu, chifukwa munthu womvetsa kuti besi yachuluka kakhumi sangavomere pH yotsika kuposa pKa. Mukapeza 14.76, mwaphatikiza 10 osatenga logarizimu yake, ndiye tsikirani ku khadi lofiira lija. Mukalemba pH 2 chifukwa mwaona 0.01 mol/L ya asidi, mwautenga asidi wofooka ngati wamphamvu, ndipo muyenera kubwerera ku ikwilibiriyamu. Kumbukirani kuti HCl wa 0.1 mol/L ali ndi pH 1, pomwe asidi wa asetiki wa konsentireshoni yomweyo ali ndi pH pafupifupi 2.9, chifukwa mamolekyu ake ogawika sakwana ngakhale awiri pa 100 alionse.

Funso likafuna chinthu chimene palibe khadi lake, makwerero anu ali ndi sitepe yosowa. Chimodzimodzi mukaona khadi la pakati lopanda muvi wotuluka, loti palibe lina likulifuna, lifufuzeni. Mwina ndi mfundo yomalizira payokha, mwina ndi chitsanzo chimene chinazembera n'kutenga khadi, koma mwinanso ndi chizindikiro choti tsiku lina munajomba ndipo mfundo imene inkayenera kukhala pamwamba pake mulibe m'manotsi. Silabasi ya phunzirolo ikuthandizani kudziwa kuti ndi chiti mwa zitatuzi.

Pa kawerengedwe, sindikukuuzani kuti muyambire pa atomu n'kuthera mlungu wathunthu pamenepo. David Ausubel ankanena kuti chachikulu pa kuphunzira ndi chimene wophunzira akudziwa kale, ndipo mphunzitsi ayambe wachifufuza. Dzifufuzeni nokha chimodzimodzi. Tembenuzani makhadi a mzere wachinayi, womwe ndi wapakati, n'kuyesa kunena tanthauzo osayang'ana ndi kuyankha funso limodzi pa lililonse. Mukakhoza, kwerani. Mukalephera, tsatirani mivi kutsika mpaka mutapeza khadi limene mukulidziwa bwino, ndipo loyandikana nalo pamwamba ndi pamene muyambire. Komanso musadikire kuti mzere wapansi ukhale wangwiro musanakwere, chifukwa mfundo zina zimamveka bwino mukaziona zikugwira ntchito. Molo ambiri amaimvetsa atawerengetsera konsentireshoni kangapo, osati atailoweza tanthauzo.

Nthawi ikachepa, werengani mivi yotuluka pa khadi lililonse, kuphatikizapo makhadi onse okhala pamwamba pake kudzera mwa ena. M'chitsanzo chathu konsentireshoni yanyamula makhadi asanu ndi awiri: pH, ikwilibiriyamu, asidi wofooka, asidi ndi besi mnzake, pKa, bafa ndi fomula ija. Fomulayo sinanyamule kanthu. Ola limodzi lothera pa konsentireshoni likupindulirani m'malo asanu ndi awiri, ndiye mukudziwa kale kumene liyenera kupita ngati pakugwedera ndi pamenepo.

Njirayi ili ndi malire ake. Imagwira bwino pa maphunziro amene mfundo zimakwerana, monga kemisitiri, fizikisi, masamu ndi mbali zambiri za bayoloje. Mu kemisitiri momwemo muli zigawo zongofotokoza, monga mitundu ya malawi imene zitsulo zosiyanasiyana zimatulutsa kapena malamulo a chitetezo mu labu, zimene mukaziika pa makhadi zimangothera m'mizere iwiri yotambalala. Musazikakamize kukwera, tebulo wamba la mizere ndi madanga likwanira. Ngati mukutenganso phunziro la mbiri yakale, kumeneko dongosolo la zaka ndi la zoyambitsa limathandiza kuposa makwerero.

Pa milungu isanu yanuyo, ntchito yonse yosanja isapitirire masiku atatu kapena anayi, ndipo muzichita chaputala chimodzi pa nthawi. Makwerero a machaputala mudzawalumikiza pambuyo pake poona makhadi opezeka m'machaputala angapo, ndipo molo, konsentireshoni ndi ikwilibiriyamu muziyembekezera kuzipeza paliponse. Pepala lalikulu lija mulembe ndi pensulo, chifukwa mivi iwiri kapena itatu mudzaisintha mukayamba kuyankha mafunso. Mukamaliza kuyala, lembani nambala ya mzere pakona ya khadi lililonse ndipo mujambule tebulo lonselo ndi foni musanatole, kuti mphepo kapena chigongono zikawamwaza muwabwezeretse m'mphindi zochepa.